Ngongole yoyamba kubweza ndi iti?

Aphunzitsi ambiri kuno kwa Mposa ku Machinga timalandira malipiro ngongole zili kale pakhomo. Funso limakhala lakuti tiyambe kubweza iti: yaing'ono kapena yachiwongoladzanja chachikulu?

Tiyerekeze kuti ndili ndi ngongole ziwiri: K30,000 kugolosale yopanda chiwongoladzanja, ndi K60,000 yakatapila yomwe imabereka theka lake mwezi uliwonse. M'manja ndili ndi K60,000.

Ndikayamba ndi yaing'ono, ndimaliza yakugolosale n'kupereka K30,000 kukatapila. Mtima ukhala m'malo poti ngongole imodzi yatha, koma K30,000 yotsalayo pakutha pa mwezi ikhala K45,000.

Ndikayamba ndi katapila, ndimaliza yonse. Yotsala ndi K30,000 yakugolosale, yomwe siikula. Apa ndapulumutsa K15,000.

Choncho ine ndimasanja ngongole poona kaberekedwe kake, osati kukula kwake. Kuyamba ndi yaing'ono kumathandiza pokhapo pamene chiwongoladzanja chikufanana.

Chenjezo ndi limodzi: mwini golosale musamuzembe. Kambiranani naye tsiku lobweza, chifukwa akakukanizani sopo ndi mchere wapangongole, mudzabwereranso kwa wakatapila yemweyo.