Ovolosi ya wowotcherera: yang'anani nsalu musanagule

Mukadutsa pamene anthu amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, kaya ku Ndirande kapena ku Mchesi, mudzaona ena ali kalikiliki atavala jezi ya mpira. Chovala chimenechi n'choopsa kwambiri pa ntchito ya moto.

Zimene zimathetheka powotcherera ndi timadontho ta chitsulo chosungunuka, ndipo chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Poliyesitala, yemwe amapangira majezi ndi maovolosi ambiri otchipa, amasungunuka pa madigiri 260 okha. Dontho likagwerapo, nsalu imasungunuka n'kumatirira pakhungu ngati jumbo yopsa, n'kumapitiriza kutentha mnofu ngakhale moto utazima. Thonje silisungunuka. Likhoza kuyaka ndithu, koma nsalu yochindikala ngati ya jinzi nthawi zambiri imangobooka kabowo kakuda, munthu n'kupeza mpata wokutumula motowo.

Ndiye mungadziwe bwanji pa kaunjika, pomwe kalebulo kanafufutika kale? Sololani tiulusi tingapo kumsoko wam'kati, mutiyatse ndi machesi. Ulusi wa thonje umanunkha ngati pepala loyaka ndipo umasiya phulusa lofewa. Wa poliyesitala umakhwinyata, n'kusiya kampira kolimba kosafikisika ndi zala. Mukaona kampirako, isiyeni. Yesaninso malaya am'kati, chifukwa vesiti ya nayiloni imasungunuka ngakhale ili pansi pa ovolosi yabwino. Pa zovala zatsopano, chizindikiro cha ISO 11611 chimasonyeza kuti zinayesedwa pa ntchito yowotcherera, ndipo za gulu 2 zimapirira moto wambiri kuposa za gulu 1.

Kavalidwe nakonso n'kofunika. Thalauza lopinda kumapazi ndi thumba losatseka zimakola moto. Thalauza lizigwera pamwamba pa jombo, osalipisa m'kati, kuti dontho lisatsetserekere kuphazi. Ndipo ovolosi yonona ndi girisi kapena oyilo imayaka msanga, ngakhale ikhale ya thonje lenileni, ichapeni.

Magolovesi akhale a chikopa cha ng'ombe chochindikala, aatali opitirira pamfundo ya dzanja. A chikopa cha mbuzi ndi ofewa, oyenera ntchito yopepuka yofuna kuti zala zizimva, koma sapirira moto wa ndodo zowotcherera. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chizolowezi chonyamula chitsulo chamoto ndi golovesi. Chikopa chikapsa chimakhwinyata n'kuuma, ndipo kutentha kukalowa kumakhalitsa, moti dzanja limapsa munthu akulimbana n'kuvula. Chitsulo chotentha chigwidwe ndi pulayala.

Golovesi yonyowa ndi thukuta kapena mvula imalowetsa kutentha msanga, komanso imadutsitsa magetsi posintha ndodo. N'chifukwa chake ndi bwino kukhala ndi mapeya awiri, ina izikhala ikuuma pamthunzi, osati pamoto. Ikauma gwa, ikabooka pachala kapena msoko ukamasuka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ntchito yake yatha.