Funso limene mwana sangaliyankhe ndi zoloweza

“Tamvana?” amafunsa mphunzitsi, ndipo kalasi yonse imavomera pamodzi kuti “Eee!” Yankho lotere silisonyeza amene wamvetsa ndi amene wangotsatira anzake. Apa ndi pamene pamayambira phunziro la kafunsidwe ka mafunso, limene aphunzitsi atsopano amafunika kulidziwa asanaime okha pa bolodi.

Ntchito yoyamba ndi kukonza funso lakale. Pa phunziro la zaulimi, ambiri amalemba kuti: “Tchulani zinthu zitatu zoyambitsa kukokoloka kwa nthaka.” Mwana amene analoweza notsi amakhoza, ngakhale asakudziwa chimene madzi amachita pa dothi. Funso lomwelo likakonzedwa limamveka chonchi: “Minda iwiri ili pamalo amodzi otsetsereka. Wina mizere yake ikutsika ndi phiri, wina ndi yopingasa. Mvula yamphamvu ikagwa, ndi munda uti umene utaye dothi lambiri, ndipo mwadziwa bwanji?” Tsopano mwana ayenera kuwaona madziwo m'maganizo, akuthamanga m'makwawa a munda woyamba, koma akuima ndi kulowa pansi m'munda wachiwiri.

Maganizo amenewa amatsamira pa ntchito ya Benjamin Bloom ndi anzake ya mu 1956, imene inasiyanitsa kukumbukira chabe ndi kugwiritsa ntchito zimene munthu waphunzira. Mafunso okumbukira sanaletsedwe ayi. Mwana amene sadziwa kuti kukokoloka n'chiyani sangafananize mindayo.

Chovuta kwambiri ndi kudikira. Katswiri wa ku America, Mary Budd Rowe, atamvetsera matepi a m'makalasi, anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi asanaloze mwana wina kapena kudziyankha okha. Akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ana amene amakhala chete amayamba kukweza manja. Mphunzitsi watsopano amauopa bata umenewu, amaona ngati phunziro lamuthawa. N'chifukwa chake poyeserera kuphunzitsa pamaso pa anzake, ndi bwino kuti mmodzi agwire wotchi, wina azilemba funso lililonse monga latulukira pakamwa.

M'kalasi yodzaza, monga zambiri za ku Malawi kuno chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, dongosolo lake ndi ili: funso liyambe, ana akambirane awiriawiri, dzina litchulidwe pomaliza. Dzina likatsogola, ena onse amasiya kuganiza.

Nanga mwana akati munda wa mizere yopingasa ndiwo ukokoloke? Mphunzitsi wozindikira sathamangira kunena kuti “walakwa.” Amamufunsa kuti madziwo adutsa pati, kapena amamupatsa choko kuti ajambule njira yawo.

Msampha wina ngobisika: funso la “chifukwa chiyani” limakhalanso loloweza ngati chifukwacho chinalembedwa kale pa bolodi. Chizindikiro chake n'chakuti manja onse amakwera nthawi yomweyo, ndipo ana amayankha ndi mawu ofanana ndendende ndi a mu notsi. Zikatero, mphunzitsi asinthe chitsanzo, afunse za njira ya ng'ombe yotsikira kumtsinje kapena za bwalo la sukulu limene udzu wake unatha.