Chithunzi cha Denga Sichinena Zonse

Namondwe Freddy atawomba ku Blantyre mu Malichi 2023, ambiri anajambula madenga pafoni. Tiyerekeze chithunzi cha denga la malata 30: anayi asasuka kumbali yochokera mphepo, awiri apindika, ndipo mabowo a misomali ang'ambika. Wolemba lipoti alembe malata 6 mwa 30, osati "denga lonse lawonongeka."

Mabowowo amaulula zambiri. Akang'ambika misomali n'kutsala m'thabwa, ndiye kuti lata ndilo linagonja. Misomali ikazuka, mwina thabwa linafumbwa kapena kuwola, koma chithunzi chojambulidwa panja sichingatsimikize zimenezi. Dzimbiri pamalo ong'ambika limasonyeza vuto lakale.

Mbali yosajambulidwa ilembedwe kuti sinaonedwe. Musanagule malata, mmisiri akwere akaone matabwa.