Musanayankhe foni ya vidiyo, onani kaye zimene anzanu aone

Amayi anzanga, misonkhano yathu yambiri masiku ano ikuchitikira pafoni. Komiti ya dinale imakumana pa Zoom kuti ndalama ya thiransipoti isawonongeke, ndipo mwana wa ku Joni amaimba pa WhatsApp kuti aone nkhope ya mayi ake. Koma foni ya mayi wa bungwe simasunga za mwini wake zokha. Muli uthenga wa mayi amene mumakamuyendera kumphakati, muli chithunzi cha buku la kuchipatala la mdzukulu, muli mndandanda wa odwala amene bungwe likuwathandiza. Anthu amenewa anakuuzani inu nokha. Ife anamwino timaphunzitsidwa kutseka katani tisanayambe kupima wodwala, ndipo foni nayo ili ndi makatani ake atatu: uthenga wotulukira, masamba otsegula, ndi kamera.

Tiyerekeze kuti ndinu mlembi wa bungwe la amayi pa parishi yanu. Loweruka 3 koloko masana pali msonkhano wa dinale pa Zoom, ndipo mwapemphedwa kuonetsa lipoti la ndalama. Mwabwereka laputopu ya mwana wanu. Nthawi yanu itakwana mukudina Share, mukusankha sikirini yonse, ndipo amayi makumi awiri akuona lipotilo. Mukufotokoza za ndalama ya sopo ndi shuga, kenako pakona ya m'munsi pakutulukira kabokosi. Kali ndi dzina la mayi wa mphakati wanu, ndi mawu akuti mankhwala ake otalikitsa moyo atha, akupempha ya basi yopitira kuchipatala.

Kabokosi kameneka pa kompyuta ya Windows kamakhala masekondi asanu basi, ngati mwini wake sanasinthe. Masekondi asanu ndi okwanira kuwerenga dzina ndi mzere umodzi. Ngati msonkhano ukujambulidwa, uthengawo ulowa m'vidiyo imene itumizidwe pa gulupu madzulo. Palibe amene wachita miseche, komabe matenda a mayi uja adziwika dinale yonse. Madzi akatayika saoleka. Tiyeni tione mmene mukadatsekera zimenezi mphindi zisanu msonkhano usanayambe.

Katani woyamba: uthenga wotulukira

Kabokosi kaja kanabwera chifukwa dzulo lake munalowa WhatsApp yanu pa laputopuyo kuti mutenge lipoti, ndipo simunatulukemo. WhatsApp ikakhala yotsegula pa kompyuta, uthenga uliwonse wofika pafoni umafikanso pakompyutapo. Njira yosavuta ndiyo kutenga lipotilo msanga, kulisunga pakompyuta, kenako kutseka WhatsApp yonse. Ngati kompyuta ndi yobwereka, dinani Log out, chifukwa kungotseka tsamba sikuchotsa dzina lanu. Mwini wake akalitsegulanso mawa apeza makalata anu onse. Mutha kutsimikiza pafoni panu: mu WhatsApp pitani pa Linked devices, muona makompyuta onse amene dzina lanu likadali lotsegula, ndipo mutha kuwatseka pomwepo.

Kenako uzani chipangizocho kuti chisakusokonezeni. Pafoni, kokerani chala kuchokera pamwamba pa sikirini kupita m'munsi, mupeze Do Not Disturb, muyatse. Pa Windows 11 dzina lake ndi lomwelo. Pa Windows 10 amalemba Focus assist. Dziwani kuti kuchepetsa voliyumu si chinthu chimodzi ndi ichi. Foni yosalira imaonetsabe mawu a uthenga pamwamba pa sikirini, ndipo mawuwo ndi amene tikuopa.

Mafoni amasiyana, ndiye musangokhulupirira kuti zatheka. Yesani. Mukayatsa Do Not Disturb, uzani wina m'nyumbamo akutumizireni uthenga wa pa WhatsApp ndi wa wamba, inu mukuyang'ana pa sikirini. Mukaona dzina lake likutsika pamwamba, katani sanatsekeke, ndipo muyenera kulowa mu Settings, pa Notifications, mukazimitse uthenga wa pulogalamu imeneyo kufikira msonkhano utatha. Kumbukiraninso kuti alamu imalirabe ngakhale Do Not Disturb ali woyatsa. Ngati pafoni panu pali alamu yokumbutsa kumwa mankhwala, ndipo munailemba dzina la mankhwalawo, isintheni dzina. Musaizimitse ayi, chifukwa mankhwala saphonyedwa kaamba ka msonkhano. Ingoilembani mawu amene mukuwadziwa nokha.

Uthenga wa ndalama nawonso umatulukira chimodzimodzi. Wa Airtel Money kapena Mpamba umaonetsa ndalama imene yatsala, ndipo wa kubanki nthawi zina umakhala ndi nambala yachinsinsi yotsimikizira malipiro. Kuyambira 2023 WhatsApp imalola kuonetsa sikirini ya foni muli pakati pa kucheza pa vidiyo. Munthu wosamudziwa akakuimbirani n'kunena kuti ndi wa kubanki, mumuonetse sikirini kuti akuthandizeni, dulani foniyo. Akufuna awerenge nambala imeneyo ikamalowa.

Katani wachiwiri: masamba otsegula

Tibwerere pa laputopu ija. Pulogalamu yotsegulira intaneti, monga Chrome, imasunga masamba angapo nthawi imodzi, ndipo lililonse lili ndi kamutu kake pamwamba, kamene amati tabu. Tsamba likhoza kukhala lobisika kuseri kwa linzake, koma kamutu kake kamaonekabe. Pa laputopu ya mwana wanu panali matabu anayi. Limodzi linali la imelo, loonetsa adiresi yake. Lina linali WhatsApp. Lachitatu linali funso limene iye anafufuza usiku, la zizindikiro za mimba, ndipo mawu oyamba a funsolo anali pa kamutuko. Lachinayi ndiye linali lipoti lanu. Amayi makumi awiri aja akadawerenga zonse zinayi, inu maso ali pa manambala.

Tsekani tabu lililonse limene si la msonkhano podina kachizindikiro ka x pambali pake. Chitaninso chimodzimodzi ndi mafayilo ena. Ngati mndandanda wa odwala uli mu fayilo imodzi ndi lipoti la ndalama, pa tsamba lachiwiri, koperani lipotilo lokha mu fayilo yatsopano. Dzanja limatha kuterereka, ndipo mayina onse aonekera.

Chofunika kwambiri chili pa nthawi yodina Share. Pulogalamu imakufunsani chimene mukufuna kuonetsa. Zoom imaonetsa tizithunzi: koyamba ndi ka sikirini yonse, tinato ndi ta pulogalamu iliyonse payokha. Google Meet imapatsa zosankha zitatu: tabu limodzi, windo imodzi, kapena sikirini yonse. Sankhani kachithunzi ka lipoti lokha. Mukatero, ngakhale uthenga utatulukira pakona, anzanu sauona, chifukwa akulandira windo imodziyo basi. Pa Zoom mudziwa chimene chikuonetsedwa poona mzere wobiriwira wozungulira windoyo. Mzerewo ukazungulira sikirini yonse, dinani Stop Share, musankhenso.

Pafoni mpovutirapo. Mafoni ambiri amaonetsa sikirini yonse, ndiye mukatuluka mu lipoti kukafuna chithunzi cha lisiti, anzanu ayenda nanu m'zithunzi zanu zonse. Ngati muli ndi foni yokha, ndi bwino kutumiza lipotilo pa gulupu msonkhano usanayambe, aliyense awerenge pake, inu muzingofotokoza.

Katani wachitatu: kamera

Laputopu zambiri zili ndi kanyali pafupi ndi kamera, pamwamba pa sikirini, koyera kapena kobiriwira. Kakayaka, kamera ikugwira ntchito. Mafoni a iPhone kuyambira 2020 amaonetsa kadontho kobiriwira pamwamba kamera ikatseguka, ndi kadontho kooneka ngati lalanje ikatseguka maikolofoni yokha. Mafoni a Android 12, amene anatuluka mu 2021, ndi otsatira ake, amaonetsa kadontho kobiriwira pakona ya kumanja pa zonse ziwiri. Mukakokera chala m'munsi n'kukadina, foni ikuuzani pulogalamu imene ikugwiritsa ntchito kamera kapena maikolofoni. Mafoni akale kuposa amenewa ambiri alibe kadonthoka. Kuti mudziwe za yanu, tsegulani kamera ngati mukufuna kujambula, muyang'ane pakona ya pamwamba. Ngati palibe chatulukira, musamadalire kusowa kwa kadontho ngati umboni kuti simukuoneka.

Kanyalika kali ndi malire ake. Kamayaka ngakhale pamene mukungodziona nokha musanalowe mu msonkhano, ndiye kuyaka kwake sikutanthauza kuti anthu ayamba kukuonani. Chachikulu, kanyali ka laputopu ndi ka kamera yokha. Kakazima, mawu anu akhoza kumapitabe. Apa ndi pamene ambiri amagwera: azimitsa vidiyo, atembenuka kufunsa mwana ngati agogo amwa mankhwala a shuga, msonkhano wonse ukumva. Stop Video amatseka maso okha. Makutu amatsekedwa ndi Mute, ndipo chithunzi cha maikolofoni chiyenera kukhala ndi mzere wodula pakati.

Gwiritsani ntchito mphindi imene mukudziona nokha ija. Musayang'ane duku lokha. Yang'anani kumbuyo kwanu. Botolo la mankhwala pa kabati, kalendala yolembedwa tsiku la sikelo, wodwala amene wagona pamphasa, mtsikana wochokera kubafa atamanga chitenje, zonsezi kamera imatenga. Khalani motsamira khoma lopanda kanthu, chitseko chikhale kutsogolo kwanu kuti wolowa mumuone inu asanaonedwe ndi ena, ndipo a m'nyumba auzidwe kuti kamera ikuyaka. Ngati mukuyendera wodwala ndipo mwana wake waimba pa vidiyo, mufunseni kaye wodwalayo ngati akufuna kuoneka, mumufunditse bwino, kenako mutembenuzire foni kwa iye.

Msonkhano ukatha, kutsanzikana sikudula foni. Dinani Leave, kapena batani lofiira pa WhatsApp, kenako yang'anani kanyali kapena kadontho kaja. Kayenera kuzima pakangopita masekondi ochepa. Kakapitiriza kuyaka, pali pulogalamu imene ikadagwira kamera, mwina tabu la msonkhano limene latsala lotsegula. Litsekeni, ndipo zikakanika zimitsani chipangizocho n'kuchiyatsanso. Pa laputopu mutha kumata kapepala kakang'ono pa kamera nthawi imene simukuigwiritsa ntchito. Pomaliza zimitsani Do Not Disturb, chifukwa mayi wopempha ya basi uja akudikira yankho lanu, ndipo uthenga wake uyenera kufika kwa inu nokha.