Phindu la kampani yobetchera limabisala m'ma odi

Ma odi a mpira ali ndi phindu la kampani m'kati mwake, ndipo kuliona n'kosavuta. Gawani 100 ndi odi iliyonse, mupeza mwayi womwe kampani ikunena, m'maperesenti.

Tiyerekeze kuti timu ya pakhomo ili pa 2.00, kufanana mphamvu pa 3.20, alendo pa 4.00. Tikagawa tikupeza 50, 31.25 ndi 25. Chimodzi mwa zitatuzi chiyenera kuchitika, choncho zonse zimayenera kukwana 100, koma zikukwana 106.25. Kapamwambako, 6.25, ndiye phindu lobisika.

Kuti mulichotse, gawani nambala iliyonse ndi 1.0625. Mwayi wa eni bwalo utsika kufika pa 47.1, ndiye kuti odi yachilungamo inali pafupifupi 2.13, osati 2.00. Wobetcha K1,000 akapambana amalandira K2,000 m'malo mwa K2,125.

Njirayi imagawa phindulo mofanana, pomwe kawirikawiri makampani amadya kwambiri pa ma odi akuluakulu. Komanso mukaphatikiza masewero ambiri pa tikiti imodzi, phindulo limachulukana. Musanabetche, yambani mwawerengera.