Kujambula ulaliki womveka bwino ndi foni imodzi

Munthu amene wakhala pa benchi yachitatu m'tchalitchi amamva ulaliki wonse bwinobwino, koma akaujambula pa foni n'kukaumvetsera kunyumba, amapeza kuti mlaliki akumveka ngati akulankhulira m'chitsime. Ambiri amadzudzula foni kapena maikolofoni yotchipa. Kawirikawiri vuto lenileni limakhala mtunda umene uli pakati pa kamwa ya wolankhula ndi maikolofoniyo.

M'nyumba yazipupa zapulasitala, simenti pansi ndi malata pamwamba, mawu amafika pa foni kudzera njira ziwiri. Ena amachokera kwa wolankhula mwachindunji. Ena amayamba agunda chipupa kapena denga, kenako n'kufika mochedwa pang'ono, n'kuphimba mawu otsatira. Ife tili ndi makutu awiri ndi ubongo wodziwa kusankha zoti umve, pamene maikolofoni imatola zonse mosasankha.

Chofunika kudziwa n'chakuti mawu obwererawa amakhala ndi mphamvu pafupifupi yofanana paliponse m'holomo, koma mawu achindunji amakula mukamayandikira. Mukadula mtunda pakati, amakwera ndi madesibelo 6. Tiyerekeze kuti foni inali mamita 4 kuchokera pa guwa. Mukaifikitsa pa mamita 2, kenako mita 1, masentimita 50, mpaka masentimita 25, mwadula mtunda kanayi ndipo mwapindula madesibelo 24, pamene mawu obwerera sanasinthe. Palibe maikolofoni yodula imene ingakupatseni zimenezi ili kumbuyo kwa holo.

N'chifukwa chake kamaikolofoni kopanira pa chovala, kotchipa kaja, kamaposa foni yapamwamba yoikidwa patali. Pemphani abusa kapena shehe mapemphero asanayambe, muwapanire pachifuwa, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, ndipo foni ikhale m'thumba mwawo. Onetsetsani kuti tayi, mkanda kapena mpango sukukhudza kamutu kake, chifukwa kukhulana kwa nsalu kumamveka kwambiri kuposa mmene mungaganizire. Chingwe chidutse mkati mwa jekete kapena mkanjo, muchisiyire mpata woti munthu athe kuwerama kapena kugwada osachikoka.

Apa pali msampha umene wagwetsa ambiri. Pulagi yolowa pa foni iyenera kukhala ndi mizere itatu yozungulira, ija pa paketi amalemba kuti TRRS. Ya mizere iwiri ndi ya kamera, ndipo mukailowetsa, foni imangopitiriza kujambula ndi maikolofoni yake yamkati osakuuzani kanthu. Nazonso zolumikizira za USB-C si zonse zimene zimalola maikolofoni. Kuyesa kwake n'kosavuta. Yambani kujambula, kandani pang'ono kamutu ka maikolofoni ndi chala, kenako kandani pansi pa foni, mumvetsere. Pamene pamveke kukanda mwamphamvu ndi pamene pakulowa mawu.

Nanga ngati wolankhula sangavale kanthu, kapena olankhula ndi ambiri? Tsatirani sipika. Ikani maikolofoni kutsogolo kwa sipika imodzi, pa mtunda wa mkono umodzi kapena kuposerapo pang'ono, osati pakati pa holo pamene masipika onse amakumana ndi mawu obwerera. Chenjerani ndi kuchuluka kwa mawu. Ngati pulogalamu yanu ili ndi kamzere koonetsa mphamvu, kazisewera cha pa -12 munthu akamalankhula mokweza, kasafike pa 0. Mawu akamveka ophwanyika, onjenjemera pamene mlaliki wakuwa, ndiye kuti munayandikitsa kwambiri, ndipo zimenezo sizikonzeka pambuyo pake. Mawu otsika mutha kuwakweza, choncho ndi bwino kulakwira kotsika.

Muyese ndi mawu okweza ngati a pakati pa ulaliki, osati a moni, ndipo mumvetsere pa mahedifoni. Dziwaninso kuti holo yopanda anthu imabweza mawu kwambiri kuposa yodzaza, poti matupi ndi zovala zimameza mawu. Makapeti a mumzikiti amathandizanso, ngakhale zipupa ndi denga zimabwezabe. Ngati mukujambula uthenga anthu atatuluka, musaime pakati pa holo. Pitani pafupi ndi makatani, kapena pachikani bulangete lochindikala kumbuyo kwa wolankhula.

Musanaike foni m'thumba, yatsani Airplane mode kuti wina akaimba asadule kujambula. Gwiritsani ntchito pulogalamu yojambulira mawu, osati uthenga wamawu wa pa WhatsApp, umene umafinya mawu kwambiri. Onaninso malo otsala mu foni. Mukasankha WAV ya njira imodzi pa 48 kHz ndi 16-bit, mphindi iliyonse imadya mamegabaiti pafupifupi 6, kotero ulaliki wa mphindi 45 umafuna mamegabaiti oposa 250.