Malangizo asanu ndi anayi, ndi lachikhumi limene linakanidwa

Pa 28 Januwale 1986, chombo cha mumlengalenga chotchedwa Challenger chinanyamuka ku Florida m'dziko la Amereka, ndipo patangopita masekondi 73 chinaphwasuka m'mwamba. Anthu asanu ndi awiri amene anali m'menemo anafa onse. Pulezidenti Ronald Reagan anakhazikitsa komiti yofufuza za ngoziyo, wapampando wake William Rogers, ndipo ena mwa mamembala anali Neil Armstrong, Sally Ride ndi katswiri wa sayansi Richard Feynman. Lipoti lawo linatuluka mu Juni chaka chomwecho. Aliyense amene amalemba malipoti, kaya ndi wowerengera chuma cha kampani, mphunzitsi wamkulu kapena wophunzira amene akumaliza kafukufuku, angapindule poona mmene anthuwa analumikizira umboni ndi malangizo awo.

Lipoti lofufuza limakhala ndi masitepe atatu. Loyamba ndi zimene zapezeka, zinthu zoti munthu wina akhoza kupita kukaziona yekha. Lachiwiri ndi chigamulo, kunena chimene zinthuzo zikutanthauza zikaikidwa pamodzi. Lachitatu ndi malangizo, kunena choti chichitike ndi woti achichite. Malipoti ambiri amagwa chifukwa wolemba amalumpha sitepe yapakati, kapena amayamba kulemba ali ndi malangizo kale m'thumba.

Komiti ya Rogers inayamba ndi mphira. Maroketi awiri a m'mbali mwa chombocho anali opangidwa ndi zigawo zolumikiza, ndipo polumikizira paliponse panali mphete ziwiri za mphira zotseka kuti mpweya wamoto usatulukire m'mbali, monga mmene kamphira ka mumpopi kamaletsera madzi kudontha. Zithunzi zinaonetsa utsi wakuda ukutuluka polumikizira pa roketi ya kumanja sekondi yoyamba isanathe. Zidutswa zimene anavuula m'nyanja zinali zobooka ndi moto pamalo omwewo. M'mawa umenewo kunja kunali madigiri 2 okha, pomwe ulendo wozizira kwambiri m'mbuyomo unanyamuka pa madigiri pafupifupi 12. Ndipo pa 11 Febuluwale, pamaso pa makamera, Feynman anafinya kachidutswa ka mphirayo n'kukaviika m'madzi a ayezi, ndipo atakamasula sikanabwerere msanga m'chimake.

Palibe chimodzi mwa izi chimene ndi maganizo a munthu. Chilichonse chili ndi chithunzi, muyeso kapena tsiku. Zitaunjikidwa, ndi pamene komiti inapereka chigamulo: ngozi inayamba chifukwa mphete zinalephera kutseka polumikizira paja, ndipo gwero lake linali kapangidwe kolakwika ka polumikizirapo, kamene kankasokonezeka mosavuta ndi zinthu zingapo, kuzizira kukhala chimodzi mwa izo.

Mawu akuti kapangidwe ndiwo anasenza zonse zotsatira. Komiti ikanagamula kuti vuto linali kuzizira basi, langizo likanakhala lakuti chombo chisamanyamuke kukazizira, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mbiri ya maulendo inaonetsa kuti mphete zinkawonongekanso nthawi zina ngakhale kunja kukutentha. Choncho langizo loyamba linali lakuti polumikizirapo pakonzedwe mwatsopano kapena pachotsedwe kumene, payesedwe mokwanira, ndipo akatswiri a kunja kwa bungwe la NASA ayang'anire ntchitoyo. Woŵerenga akhoza kuloza chala pa langizoli n'kubwerera nacho m'mbuyo, kudutsa pa chigamulo, mpaka kukafika pa utsi wakuda uja popanda kudumpha paliponse.

Ulusi wachiwiri unali wa anthu, ndipo apa m'pamene olemba ambiri amafooka. Komiti inapeza kuti usiku wa pa 27 Januwale mainjiniya a kampani yopanga maroketiwo, Morton Thiokol, analangiza kuti chombo chisanyamuke kukazizira kuposa madigiri 12 aja, koma mabwana awo anasintha ganizolo atakambirana ndi akuluakulu a NASA a ku Marshall. Inapezanso kuti amene anapereka chilolezo chomaliza sanauzidwe za kukana kwa mainjiniyawo. Kuonjezera apo, chiletso chimene chinaikidwa mu 1985 chifukwa cha mphete zomwezi chinkangochotsedwa ulendo ndi ulendo, ndipo pa zokambirana za usiku uja panalibe woimira ofesi yoona za chitetezo.

Wolemba waulesi akanati NASA iwongolere kulumikizana, n'kusiya pomwepo. Langizo lotere silingakanidwe, komanso palibe amene angadzanene kuti latsatidwa kapena ayi. Komitiyi inatenga chopezeka chilichonse n'kuchipatsa yankho lake. Poti chiletso chinkachotsedwa mwakachetechete, pakhale lamulo lonena mmene chiletso chimaikidwira ndi mmene chimachotsedwera. Poti zokambirana zina sizinasiye umboni, misonkhano yovomereza ulendo izijambulidwa. Poti a chitetezo analibe mawu, pakhale ofesi ya chitetezo yoima payokha, mkulu wake aziyankha mwachindunji kwa mkulu wa NASA yense. Wina atafuna kufufuza patapita chaka, akanangofunsa kuti lamulo lija lilipo, ofesi ija inatsegulidwa, ndipo mkulu wake amayankha kwa yani.

Malangizo onse anali asanu ndi anayi. Lachikhumi linatsala pang'ono kulowamo, ndipo nkhani yake anaifotokoza yekha Feynman m'buku limene linatuluka mu 1988. Chakumapeto kwa ntchito, Rogers anafuna kuonjezera langizo lakuti boma ndi mtundu wonse zipitirize kuthandiza NASA. Feynman anakana. Sikuti ankadana ndi bungwelo. Mfundo yake inali yakuti malangizo ena onse anachokera mu umboni umene komiti inaufufuza, pomwe ili linalibe tsamba ngakhale limodzi lolichirikiza. Komiti inatumidwa kukafufuza chimene chinaphwasula chombo, ndipo funso lakuti NASA ikuyenera thandizo kapena ayi palibe amene analifufuza. Anafika poopseza kuti achotsa dzina lake pa lipotilo. Pomaliza mawuwo anafewetsedwa n'kuikidwa kumapeto ngati ganizo lotsekera, opanda nambala.

Feynman anachita bwino kuumirira. Langizo lopanda umboni limaipitsa anzake, chifukwa woŵerenga akaligwira amayamba kukayikira ngati enawonso sanalowemo mwa njira yomweyo. Ndipo malangizo otere sasowa m'malipoti a m'maofesi: kuti antchito apite ku maphunziro, kuti ndalama zionjezeredwe, kuti anthu aphunzitsidwe. Mwina n'zofunikadi. Koma ngati lipoti silinaonetse kuti cholakwika chinachitika chifukwa antchito sankadziwa ntchito, maphunziro si yankho la zimene zapezeka. Kalaliki amene amadziwa bwino lamulo la malisiti koma amalizemba chifukwa palibe womuyang'anira adzabwera ku maphunziroko n'kupitiriza zomwezo.

Njira yodziyesera ndi yosavuta, ngakhale imadya nthawi. Wolemba apatse manambala zopezeka zonse, ndipo pambali pa langizo lililonse alembe manambala a zopezeka zimene likuyankha. Langizo limene latsala lopanda nambala lichotsedwe, apo ayi abwerere kukafufuza. Kenako atembenuze: chopezeka chachikulu chimene palibe langizo lochiyankha chikufuna yankho, kapena chifukwa chomveka chochisiyira. Ndipo afunse ngati langizolo likulunjika pa gwero la vuto kapena pa chizindikiro chake chabe, monga mmene komiti ija inasiyanitsira kuzizira ndi kapangidwe.

Zombozo zinakhala pansi miyezi 32. Polumikizira pa maroketi anapakonza mwatsopano, n'kuonjezerapo mphete yachitatu, mlomo wachitsulo woletsa zigawo kutseguka ndi zotenthetsera, ndipo pa 29 Seputembala 1988 chombo cha Discovery chinanyamuka. Vuto la mphete silinabweretsenso ngozi mpaka maulendowa anatha mu 2011. Malangizo okhudza anthu ndiwo anavuta kusunga. Columbia itaphwasuka mu 2003, ofufuza atsopano anapeza kuti chizolowezi chopitiriza maulendo vuto lodziwika lili chikhalire, komanso kufooka kwa ofesi ya chitetezo, zinali zitabwereranso.